Nyumba ya shopu ndili nayo, koma ndigulitsemo chiyani?

Anambewe: Moni nonse a pagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Malemu bambo a kunyumba anandisiyira kanyumba ka shopu pa tiledingi ina yaing'ono kufupi ndi Lizulu, mphepete mwa msewu wafumbi umene umachokera kumidzi kukalowa mu M1. Ndi chipinda chimodzi chogulitsira, mamita 4 kwa 5, kasitolo kakang'ono kumbuyo, ndi khonde. Magetsi alimo. Amene ankachita lendi anatuluka, pano changokhala chotseka. Ndagulitsa ng'ombe ziwiri, ndili ndi K1,500,000. Ndiikemo chiyani kuti ndalamayi isathere m'manja?

Mjomba wa ku Golomoti: Mukuigulitsa zingati nyumbayo? Mapepala a malo alipo?

Anambewe: Ayi bambo, nyumbayo sindikugulitsa. Ndagulitsa ndi ng'ombe.

Mjomba wa ku Golomoti: Ooh, pepani mayi. Koma mukadzasintha maganizo ndilipo.

Wakabaza wa pa Mphate: Mazayi, osavutika kuganiza. Golosale basi. Sopo, shuga, mchere, mafuta ophikira, machesi. Munthu sangagone osagula mchere.

Mayi a Tadala: Iii, mwana iwe. Anambewe, tayambani mwatiuza, magolosale alipo angati pamenepo?

Anambewe: Okhazikika alipo 5, ndiye palinso maokala awiri a pakhonde.

Mayi a Tadala: Ndiye inu mukhala wa chisanu ndi chitatu, kugulitsa sopo yemweyo kwa anthu omwewo. Ine ndinachitapo golosale kwathu ku Bembeke. Katundu amayenda inde, koma phindu lake ndi lochepa kwambiri, chifukwa mtengo wa shuga aliyense amaudziwa, mukangokweza pang'ono amapita kwa aneba. Ndiye pali ngongole. Januwale ndi Febuluwale anthu alibe ndalama, ndipo amene akubwera kudzatenga "pongoyembekeza" ndi alamu anu, apongozi, amayi a kumpingo. Mudzawakaniza bwanji? Yanga inatha choncho, mashelefu mbee, kope la ngongole lodzaza.

Aphunzitsi opuma: Mayi Nambewe, ndifunse kaye. Amene anatulukayo ankapereka zingati pamwezi, ndipo ankagulitsa chiyani?

Anambewe: K40,000. Ankagulitsa zovala za kaunjika ndi nsapato. Anati kumeneko sizikuyenda, anthu amakagula tsiku la msika ku Lizulu.

Aphunzitsi opuma: Ndiye ine langa ndi limodzi. Pezani wina wa lendi, muzilandira K40,000 yanu muli khale. Ndalama ya ng'ombeyo gulani nyemba nthawi yokolola, musunge, mudzagulitse mitengo ikakwera. Kukhala ndi nyumba sikutanthauza kuti mukuyenera kukhala wogulitsa.

Angozo: Zikomo aphunzitsi, mwafunsa funso lenileni. Ine ndakhala pa bizinesi ya zipangizo za ulimi kuno ku Ntcheu kwa nthawi ndithu, ndiye ndilankhula motalikirapo, mundikhululukire.

Mayi, K40,000 imeneyo muisunge m'mutu, chifukwa ndiyo muyezo wanu. Bizinesi iliyonse imene mungaike m'menemo, ikamakusiyirani ndalama yosaposa K40,000 pamwezi mutachotsa zonse, ndiye kuti mukugwira ntchito yaulere, bola mukanaika walendi n'kumakalima.

Tiyeni tiyese golosale ija. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu mudzaikemo enieni. Tinene kuti mukugulitsa katundu wa K40,000 patsiku, zomwe si zophweka pamalo pamene pali anzanu 7. Pa katundu wa golosale, mukaphatikiza woyenda msanga ndi wochedwa, tinene kuti pa K100 iliyonse mukutsala ndi K10. Ndiye patsiku ndi K4,000. Mwatsegula masiku 26, yakwana K104,000. Tsopano chotsani: mlonda K25,000, mayunitsi a magetsi K10,000, thiransipoti yokaoda katundu K20,000. Mwatsala ndi K49,000. Kusiyana ndi lendi ija ndi K9,000 yokha, mutakhala pa kauntala mwezi wathunthu, ndipo sitinawerengere sopo amene mwatengera kunyumba kapena ngongole zimene Mayi a Tadala akunena.

Wakabaza wa pa Mphate: Eee madala, mwaipha golosale yanga pamaso pa anthu.

Angozo: Sindinaiphe mphwanga, pamalo pamene palibe ina imadyetsa. Koma apa zilipo kale.

Nachisale: Nanga bwanji za Airtel Money ndi Mpamba wa TNM? Sizivunda, sizifuna mashelefu. Mchemwali wanga amachita pa Dedza boma ndipo akumanga nazo nyumba.

Angozo: Anachisale akunena zoona mbali imodzi. Pa boma pamayenda ndalama zolowa ndi zotuluka, wina akutumiza, wina akutapa, ndiye fuloti, ndalama yogwirira ntchitoyi, imadzibweza yokha. Pa tiledingi ya kumudzi ambiri amabwera kudzatapa zimene ana awo atumiza kuchokera ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni. Pofika 10 koloko ndalama za m'manja zatha, zonse zili mu foni, muyenera kukwera njinga kukasintha. Komishoni yatsikulo yathera panjira. Komanso aliyense amadziwa kuti m'nyumba imeneyo mumagona ndalama. Ngati chowonjezera pambali, ndi fuloti yochepa, ndibwino, chimakoka anthu. Koma osaikapo mpamba wonse.

Nachisale: Komabe akuba amabwera pa shopu iliyonse, si ya ma ejenti okha.

Angozo: N'zoona. Kungoti thumba la mbewu ndi lovuta kuthawa nalo kusiyana ndi ndalama za m'chikwama.

Anambewe: Angozo, ndiye inuyo mukuti ndichite chiyani? Ndikumvetsera.

Angozo: Ndiyankheni izi kaye. Anthu amene amadutsa pakhomo panupo m'mawa amakhala atanyamula chiyani? Nanga pobwerera madzulo amakhala atanyamula chiyani?

Anambewe: Popita amanyamula tomato m'madengu, kabichi, kachewere pa njinga ndi pangolo, anyezi, nthawi zina kaloti. Ena amachokera tsidya la Mozambiki. Pobwera amakhala ndi matumba opanda kanthu, mabotolo a mankhwala opopera, timapaketi ta mbewu, ena feteleza wa m'majumbo.

Angozo: Mwadziyankha nokha mayi. Zimene akubwera nazo kuchokera ku Lizuluzo ndi zimene palibe akuwagulitsa pafupi. Pa tiledingi panupo alipo amene amagulitsa za ulimi?

Anambewe: Palibe wokhazikika. Pali mnyamata wina amayala pansi mankhwala a makoswe ndi mbewu za lepu.

Angozo: Ndiye shopu yanu ikhale ya alimi a kudimba. Dera lathu lino, kuchokera ku Tsangano, Mlangeni, Lizulu mpaka Bembeke, ndi lokwera komanso lozizira, anthu amalima kachewere, tomato ndi kabichi pafupifupi chaka chonse, dzinja kumunda, chilimwe kudimba. Kusiyana kwa mlimi wa tomato ndi wa chimanga n'koti wa chimanga amagula kamodzi pachaka, pamene wa tomato amagula sabata ndi sabata, ndipo amakhala ndi ndalama m'thumba chifukwa akuchokera kumsika.

Koma si katundu mmodzi chaka chonse. Shopu yotereyi imasintha ndi nyengo, ndipo amene amaluza ndi amene amaoda chinthu chabwino pa mwezi wolakwika.

Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mdani wa kachewere ndi tomato ndi chiwawu. Kukachita nkhungu ndi mvula yamvumbi, munda umatha kupserera masiku ochepa. Apa chimene chimayenda ndi daifeni, waufa wachikasu uja. Ameneyu amateteza, sachiza, ndiye mlimi amapopera mobwerezabwereza, kawirikawiri sabata iliyonse, ndipo mvula ikatsuka amabwerezanso. Pali wina wokwera mtengo, lidomilo, amene amalowa m'kati mwa mbewu, amagula akaona kuti matenda ayamba. Munthu amene waona masamba akuda m'munda mwake sayembekeza tsiku la msika, amafuna lero lomwe, ndipo apa ndi pamene kuyandikira kwanu kumasanduka ndalama.

Epulo mpaka Julaye ndi zokolola. Matumba opanda kanthu, ulusi wosokera, singano zake, akiteliki wa anankafumbwe, ndi matumba a pikisi aja osunga chimanga popanda mankhwala. Nthawi yomweyo madimba akuyamba, ndiye mbewu za tomato monga Tengeru ndi Tanya, kabichi, anyezi, lepu, mpiru, ndi makheni othirira.

Kukayamba kutentha, Ogasiti mpaka Okutobala, tizilombo timachuluka: akangaude ofiira, nsabwe za masamba, ndi kambozi kaja koboola masamba ndi zipatso za tomato. Kenako Okutobala ndi Novembala mbewu ya chimanga.

Wakabaza wa pa Mphate: Nanga feteleza bwana? Ndalama zili mu feteleza.

Angozo: Ndalama zili mu feteleza kwa amene ali ndi lole. Tiyerekeze kuti thumba mukuoda K150,000. Mpamba wonse wa mayiwa ndi matumba 10, shopu yatha pamenepo. Pa thumba mwina mupeza K5,000 kapena K7,000, chifukwa mtengo wa feteleza umalengezedwa ngakhale pa wailesi, ndipo masitolo akuluakulu ali pamsewu pomwepa. K1,500,000 kubala K60,000, mwinanso osatha mwezi umodzi. Ayi.

Mayi a Tadala: Koma Angozo, wa pa kilo amayenda. Anthu a madimba ang'onoang'ono sagula thumba, amagula makilo awiri, atatu. Kwathu kuno amene amayeza pa sikelo sasowa makasitomala.

Angozo: Apo ndikuvomera. Matumba awiri okha, lina lokulitsa lina lobereketsa, n'kumayeza. Koma muwerengere kuti thumba la makilogalamu 50 silitulutsa makilo 50 mukamayeza pang'onopang'ono. Wina amatayika, wina mumapyoletsa kuti kasitomala asadandaule, mupeza 48 kapena 49. Mtengo wa kilo muuwerengere pa 48. Ndipo yuleya akakhala chotsegula amayamwa chinyontho n'kuumbika, ndi nkhungu yakwathu kuno sachedwa. Muzimanga kukamwa mukangotapa, thumba likhale pa matabwa, osati pa simenti.

Aphunzitsi opuma: Angozo, mwayesa golosale ndi muyezo wa K40,000. Yesaninso yanuyi, tisakondere.

Angozo: Mwanena bwino aphunzitsi. Pa mbewu za m'mapaketi, mankhwala ndi tizipangizo, tinene kuti pa K100 mukutsala ndi K20, chifukwa zinthuzi anthu sayerekeza mitengo ngati shuga. Mwezi wabwino, monga Januwale, mwagulitsa za K700,000. Phindu K140,000. Chotsani K55,000 ya mlonda, magetsi ndi thiransipoti ija, yatsala K85,000. Yaposa lendi ndi K45,000. Mwezi woipa mwagulitsa za K300,000 zokha, phindu K60,000, mukachotsa zija mwatsala ndi K5,000. Mwezi umenewo walendi akanakuposani. Ndiye sindikunama kuti ndi mgodi. Chaka choyamba miyezi yoipa imachuluka chifukwa anthu sanakuzolowereni.

Aphunzitsi opuma: Mwaona? Ndiye nyemba zanga zija sizinagwe.

Nachisale: Nyemba nazonso zili ndi zake aphunzitsi. Chaka china ndinasunga matumba, anankafumbwe analowa, komanso mtengo sunakwere monga tinkaganizira chifukwa zinabwera zambiri kuchokera ku Angonia. Ndalama imangogona miyezi 6 osaigwira.

Aphunzitsi opuma: Munasunga osathira mankhwala, limenelo si vuto la nyemba.

Nachisale: Ndinathira. Mankhwalawo ndi amene anali achinyengo.

Angozo: Anachisale mwandikumbutsa chachikulu. Bizinesi imeneyi imafa ndi katundu wachinyengo. Adzabwera anthu ndi zikwama pakhomo panu, daifeni wotchipa, mbewu ya chimanga yotchipa. Ina imakhala chimanga cha m'nkhokwe chopaka utoto n'kuika m'paketi yooneka bwino. Mlimi akabzala osamera, kapena akapopera chiwawu n'kupitirira, satukwana kampani, amatukwana inu, ndipo mudzi wonse umva. Muziona izi: paketi yosokedwa kapena kumatidwa kawiri, zolemba zofufutika, yopanda nambala ya gulu lake ndi tsiku lothera ntchito, botolo loti chidindo cha pachivundikiro chinadulidwa kale. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa kosungira katundu, kanani. Odani kwa ogulitsa odziwika ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndipo malisiti muzisunga.

Za mapepala. Kupatula laisensi ya bizinesi ya kukhonsolo, wogulitsa mankhwala a mbewu amayenera kukhala ndi chilolezo cha Pesticides Control Board, ndipo wogulitsa mbewu amayeneranso kulembetsa. Pitani ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, alangizi akuuzani poyambira. Sikelo nayo ikhale yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Ndipo mankhwala musamatsanulire m'timabotolo ta zakumwa kuti mugulitse pang'onopang'ono, ngakhale anthu akuchonderereni. Odani a m'mabotolo ang'onoang'ono omata kale.

Wakabaza wa pa Mphate: Koma tsidya linalo zinthu zimatchipa, ndi kungowoloka msewu pa Lizulu. Ine ndikhoza kumakutengerani mazayi.

Angozo: Mphwanga, wokagula botolo limodzi la munda wake ndi nkhani ina. Wa shopu amene wayala pa shelefu mankhwala olembedwa Chipwitikizi chokhachokha, osalembetsedwa kuno, tsiku limene oyendera afika amanyamula onse. Komanso mayiwa akauza bwanji mlimi muyezo wothira mu sipuleya ya malita 16 ngati iwo eni sakutha kuwerenga pa botolo?

Anambewe: Apa mwafika pamene pakundiopsa. Ine ndimalima kachewere ndi nyemba, daifeni ndimamudziwa, koma mankhwala enawa sindiwadziwa. Munthu akabwera ndi tsamba lodwala ndidzamuuza chiyani? Chinanso, ndimaganiza zoti mdzukulu wanga azigona m'kasitolo ka kumbuyoko kuti ndisalipire mlonda.

Mayi a Tadala: Ayi ayi, mwana asagone ndi mankhwala. Fungo lake lokha mutu umawawa.

Angozo: Mayi a Tadala anena. M'chipinda cha mankhwala simugona munthu, simusungidwa ufa kapena nyemba zodya, ndipo pakhale mawindo olowa mpweya. Ichi ndi chifukwa chakenso simungasakanize ndi golosale, buledi uku daifeni uku. Musankhe chimodzi.

Za kusadziwa, yambani ndi zimene mukuzidziwa. Mitundu 4 kapena 5 ya mankhwala imene alimi a kwanuko amatchula okha ndi dzina, basi. Musanaode kalikonse, khalani pakhonde lanulo ndi kope masiku a msika angapo, muzifunsa obwerera aja: mwagula chiyani, zingati, kukula kwa botolo kotani, ndi chiyani chimene munachisowa. Zimene zatchulidwa kambirimbiri ndizo mukaode. Alangizi a boma apangeni anzanu, tsamba lodwala muziwaonetsa. Osalota mankhwala pofuna kugulitsa.

Ndalama ndikanagawa chonchi. K250,000 mashelefu, kauntala, zitsulo za pawindo, loko wabwino ndi mapepala. K750,000 katundu woyamba. K500,000 isakhudzidwe, ikhale yoodera zimene zayamba kutha msanga ndi katundu wa nyengo yotsatira. Ambiri amathira zonse tsiku loyamba kuti shopu ioneke yodzaza, kenako chimene chikuyenda chikatha alibe yoodera, atsala ndi zosayenda.

Wakabaza wa pa Mphate: Muikemonso tizipangizo ta sipuleya. Timilomo topopera, timalabala, mapaipi. Ine anthu amandituma mpaka ku Ntcheu boma chifukwa cha kalabala kamodzi, thiransipoti kuposa mtengo wa chinthucho.

Angozo: Apa wanena zanzeru kuposa tonse. Timeneti sitivunda, sititha ntchito, tikhoza kukhala chaka, ndipo phindu lake ndi lokwera. Ena amagulanso masipuleya awiri n'kumabwereketsa patsiku, ngakhale amabwera atathyoka.

Mjomba wa ku Golomoti: Kwathu kuno kunsi kwa phiri zimenezo sizingayende kwenikweni, kukutentha. Ine ndikanaika fuliji, madzi ozizira ndi mafilizesi.

Nachisale: Mjomba, ku Lizulu mu Juni munthu angagule filizesi? Anthu amakhala ali m'majekete masana.

Aphunzitsi opuma: Ndiwonjezere chimodzi chimene anzanga a mashopu chinawapweteka. Kwacha itagwa ndi 44 pelesenti mu Novembala 2023, ena anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale poti anaoda motchipa. Atapita kukaoda anapeza ndalama yonse ikugula katundu wochepa. Mankhwala ndi mbewu zambiri za masamba zimachokera kunja, ndiye zimatsatira dola. Mtengo wanu uzichokera pa mtengo umene mukaodere mawa, osati umene munaodera dzulo.

Angozo: Ndi zoona zimenezo. Musanatsegule m'mawa nthawi zotere, imbirani foni kumene mumaoda.

Mayi a Tadala: Ine nkhawa yanga idakali pa ngongole. Mlimi adzati ndipatseni daifeni, ndidzalipira ndikakumba kachewere. Mukakana apita ku Lizulu ndipo sadzabweranso. Mukalola, mtengo wa kachewere ukagwa simumuonanso. Angozo, inu mumatani?

Angozo: Ine sindikongoza, koma ndili pa boma, ambiri sindiwadziwa, kukana n'kosavuta. Kwa mayiwa amene akugulitsa kwa anthu a mudzi wawo ndi zina. Ndinaonapo wina amene amakongoza gulu la alimi kudzera kwa tcheyamani wawo, osati munthu payekha. Kwa iye zinayenda, kwa wina gulu lonse linathawa limodzi.

Nachisale: Auzeni akatenge ku banki m'khonde abwere ndi kashi.

Mayi a Tadala: Kunena n'kosavuta asisi. Dikirani abwere atsibweni awo.

Anambewe: Zikomo nonse, ndalemba. Loweruka ndiyamba kukhala pakhonde ndi kope, Lolemba ndikaonana ndi alangizi za mapepalawo. Koma pali china chabwera madzulo ano. Mnyamata wina wometa wamva kuti ndikufuna kutsegula, akuti ndimupatse khonde lokha, atchinge ndi mapulanga, azilipira K15,000 ndi theka la mayunitsi. Ndimulole, kapena anditchingira khomo la shopu?

Aphunzitsi opuma: Muloleni. K15,000 ndi kupitirira theka la malipiro a mlonda.

Angozo: Khondelo ndi lalitali bwanji? Mu Meyi mudzafuna poyala matumba ndi makheni kuti odutsa aziona. Ngati angatenge mbali imodzi yokha, kutali ndi windo la mankhwala, ndipo mugwirizane za miyezi 6 kaye polemba, mwina. Tiyezereni ndi mapazi mutiuze.

Anambewe: Chabwino, ndikayeza mawa kukacha.